Thupi lalikulu siliwotcha chakudya mochedwa, lekani kunamiza anthu

Pa depoti ya Kasungu mnyamata wina wogulitsa tiyi wochepetsa thupi wauza mayi wonenepa, anthu onse akumva, kuti: “Mayi, inu metabolizimu yanu ndi yochedwa, mwani uyu ithamange.” Mayiwo n'kutulutsa ndalama. Zandinyansa kwabasi. Bodza limeneli la metabolizimu, kutanthauza kawotchedwe ka chakudya m'thupi, lafika potopetsa.

Thupi lalikulu limawotcha chakudya chambiri kuposa laling'ono, osati chochepa. Lole ikangoima injini ikulira imamwa mafuta ambiri kuposa njinga yamoto, ndipo palibe amene amati lole ndi yaulesi.

Mphamvu zambiri zimene munthu amagwiritsa ntchito patsiku, pafupifupi magawo 60 mpaka 70 pa 100 alionse, zimatha ali phee, ngakhale ali m'tulo. Zimapita ku mtima, ubongo, chiwindi, impso ndi kupuma. Magawo ngati 10 amathera pogaya chakudyacho. Zotsalazo ndi za kuyenda ndi kugwira ntchito. Ndiye tiyi wanuyo akukathamangitsa chiyani pamenepa? Chiwindi? Impso?

Tiyeni tiwerengere. Tengani amayi awiri a ku Mchinji, onse a zaka 35, onse otalika masentimita 160. Wina amalemera makilogalamu 90, amakhala pa makina osokera tsiku lonse. Wina amalemera 55, amalima mtedza, amatunga madzi ku mjigo, amasenza nkhuni. Mwa kawerengedwe kamene akatswiri a kadyedwe amagwiritsa ntchito, wa makilogalamu 90 uja atangogona osachita kanthu amawotcha makalori, muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, pafupifupi 1,560 patsiku. Wa 55 uja amawotcha pafupifupi 1,210. Mwaona? Amene mukumunena kuti ndi “wochedwa” ndi amene ali patsogolo ndi makalori 350.

Zimasinthira poimirira. Wokhala pansi tsiku lonse timachulukitsa nambala yake ndi 1.4, zimakwana pafupifupi 2,200. Wa khasu ndi ndowa timachulukitsa ndi 2, zimapitirira 2,400. Wochepa thupi uja wapambana chifukwa cha miyendo ndi manja ake, osati chifukwa anabadwa ndi moto wapadera m'mimba. Mukawaona awiriwa akudya mitanda ya nsima yofanana musathamangire kuti wina ali ndi mwayi. Mwawaona pa mbale, simunawatsatire tsiku lonse.

Sindikunena kuti anthu onse ndi ofanana, ayi. Kilogalamu imodzi ya mnofu imawotcha makalori ngati 13 patsiku munthu akupumula, ya mafuta 4 kapena 5 basi, pomwe ya chiwindi imafika 200. N'chifukwa chake mwamuna ndi mkazi olemera mofanana nthawi zambiri amasiyana, mwamuna amakhala ndi mnofu wochulukirapo. Koma mukatenga anthu ofanana msinkhu, kulemera ndi mnofu, ambiri amasiyana ndi magawo osapitirira 10 pa 100. Amenewo ndi makalori ngati 150, ongopitirira pang'ono sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira, yomwe ili ndi 120. Sipuni imodzi! Kusiyana kumene mukukutcha tsoka la chibadwa kumakwana m'sipuni ndi theka. Chibadwa chilipodi, koma chimaonekera kwambiri pa njala: wina amakhuta msanga, wina ayi.

Ndipo inu azibambo amene mumati mimba yatuluka chifukwa mwakwana zaka 40, imvani. Kafukufuku wa mu 2021 wa anthu oposa 6,000 anapeza kuti, mukaganizira kukula kwa thupi, kawotchedwe ka chakudya sikasintha kwenikweni kuyambira zaka 20 mpaka 60. Kamayamba kutsika pambuyo pake, pang'onopang'ono, osafika gawo limodzi pa 100 pachaka. Chimene chinasintha pa zaka 40 n'choti munasiya njinga, munagula galimoto, kanyenya ndi mowa zinachuluka.

Tiyi ujayo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa matiyi otere amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsikadi ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri, koma ndi madzi amene achoka, mukamwa abwerera. Mafuta ali pomwepo, ndalama zapita.

Chinanso chimene chimandikwiyitsa ndi ichi. Munthu akudya kwambiri koma akungowonda, inu n'kumamuyamikira kuti ali ndi thupi lothamanga. Ngati akumva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, akayezetse shuga. Ngati akutsokomola kwa milungu iwiri ndi kutuluka thukuta usiku, akayezetse chifuwa chachikulu ndi kachilombo. Ngati mtima ukugunda msanga, manja akunjenjemera, khosi latupa, mwina ndi chithokomiro. Mutengeni mupite naye kuchipatala, musamuombere m'manja.