Kalata kwa mwana wanga: chimene 1,000 ya mwezi uliwonse imadzakhala pakatha zaka 20

Makolo ambiri timauza ana athu kuti azisunga ndalama, koma sitiwawerengetsera masamu ake, ndipo ine ndikuona kuti nʼchifukwa chake mawuwo sawafika pamtima. Kalata ili mʼmunsiyi ndalembera mwana wanga wa zaka 16, ndipo ndaiika pano kuti kholo lina limene lingafune liwerenge pamodzi ndi mwana wake.

Mwana wanga wokondedwa,

Tsiku lija unandifunsa kuti kodi kandalama kochepa kamene umatsala nako pamwezi kangapindulire chiyani munthu ukakasunga, ndinakuyankha mwachidule chifukwa ndinali wotopa, ndipo ndinaona pankhope pako kuti yankho langa silinakugwire mtima. Lero ndakhala pansi ndi pepala kuti ndikuyankhe ndi manambala. Tiyerekeze kuti kumapeto kwa mwezi uliwonse ukuika 1,000 mu akaunti, ndipo usavutike ndi dzina la ndalamayo popeza masamu ake sasintha. Tiyerekezenso kuti kumene ukusungako amapereka chiwongola dzanja cha 6 peresenti pachaka, chimene amachiwonjezera mwezi ndi mwezi, kutanthauza theka la peresenti pamwezi, kapena kuti 5 pa 1,000 iliyonse imene yagona mu akauntiyo. Nambala ya 6 ndaisankha ngati chitsanzo chabe, chifukwa chiwongola dzanja chenicheni chimakwera ndi kutsika mʼkupita kwa zaka.

Mwezi woyamba ukatha uli ndi 1,000. Mwezi wachiwiri ndalama ija yabereka 5, iwe waikanso 1,000 ina, ndipo zonse pamodzi zakwana 2,005. Mwezi wachitatu chiwongola dzanja sachiwerengeranso pa 2,000 imene unaika yokha, koma pa 2,005, ndiye kuti 5 ija nayonso yayamba kubereka. Chinsinsi chonse chagona pamenepo, ngakhale kuti poyamba sichioneka ndi maso, pakuti chaka choyamba chikatha udzakhala utaika 12,000 koma mu akaunti mudzakhala 12,336. Ndikudziwa kuti ukadzaona 336 imeneyo udzagwa mphwayi, ndipo sindingakudzudzule, chifukwa inenso ndili mnyamata ndinaona kaphindu kotereka nʼkuganiza kuti sikayenera kudzimana chaka chathunthu, ndiye ndinatapa zonse nʼkuleka. Chimene ndinalibe nthawi imeneyo ndi munthu wondionetsa manambala a zaka zakutsogolo.

Pakatha zaka 5 udzakhala utaika 60,000 ndipo mu akaunti mudzakhala 69,770. Pakatha zaka 10 udzakhala utaika 120,000 koma mudzakhala 163,879. Kenako pali mwezi umodzi umene ndikufuna kuti uusunge mʼmutu, mwezi wa nambala 140, umene uli mʼchaka cha 12. Pofika pamenepo ndalama za mu akaunti zidzakhala zitangodutsa 200,000, ndipo theka la peresenti la 200,000 ndi 1,000. Izi zikutanthauza kuti kuyambira mwezi umenewo akauntiyo izidzabereka ndalama zoposa zimene iweyo ukuika kuchokera mʼthumba mwako, ngati kuti pali munthu wachiwiri amene wayamba kusonkha nawe, ndipo munthu ameneyu chopereka chake chimakwera mwezi uliwonse pamene chako chili pomwepo. Mʼmwezi womaliza wa chaka cha 20 iye adzaika pafupifupi 2,300 pamene iwe ukuika 1,000 yomwe ija.

Zaka 20 zikadzakwana udzakhala ndi zaka 36, udzakhala utaika ndalama maulendo 240, zonse pamodzi 240,000, koma mu akaunti mudzakhala 462,041. Pa ndalama imeneyi, 222,041 sunaikhetsere thukuta. Taona kumene phindu limeneli laundana. Mʼzaka zisanu zoyambirira chiwongola dzanja chonse chinali 9,770 basi, pamene mʼzaka zisanu zomalizira chikukwana 111,222, chonsecho iwe waika 60,000 yofanana mʼnyengo zonse ziwiri.

Apa ndi pamene pali mfundo imene yandichititsa kulemba kalatayi panopa mʼmalo modikira kuti uyambe wakula. Ukanena kuti udzayamba uli ndi zaka 21, ukadzapeza ntchito yeniyeni, ndiye kuti pofika zaka 36 udzakhala utasunga kwa zaka 15 zokha ndipo udzakhala ndi 290,819. Iwe ungaganize kuti kuchedwako kwangokuchotsera 60,000 imene sunaike, koma kunena zoona kwakuchotsera 171,222, chifukwa munthu wochedwa sataya zaka zoyambirira za phindu lochepa zija, amataya zaka zomalizira zimene akauntiyo imabereka kwambiri. Kutapa pakatikati kumapwetekanso mofananamo, pakuti 50,000 imene ungatape kumapeto kwa chaka cha 10 ikanadzakhala pafupifupi 91,000 pofika chaka cha 20. Sindikunena kuti pakagwa matenda kapena vuto lalikulu uzingoyangʼana ndalama zili mu akaunti, koma ndikufuna kuti pamene ukutapa uzidziwa mtengo weniweni wa chimene ukuchita.

Ndingakhale ndikukunamiza nditasiyira pomwepa, chifukwa 462,041 ya nthawi imeneyo siidzagula zimene ingagule lero. Ngati mitengo ya zinthu ikukwera ndi 4 peresenti chaka chilichonse, pakatha zaka 20 zinthu zidzakhala zitakwera mtengo kuwirikiza kawiri ndi pangʼono, ndipo ndalama yako ija idzagula zimene 211,000 ikugula lero. Choncho nthawi iliyonse imene akukuuza chiwongola dzanja, uzichotsapo mlingo wa kukwera mitengo kwa zinthu kuti uone chotsala. Pa 6 ukachotsa 4 patsala 2, ndipo limenelo ndiye phindu lako lenileni. Koma mitengo ikamakwera ndi 10 peresenti pamene iwe ukulandira 6, nambala ya mu akaunti izioneka ikukula chonsecho mphamvu ya ndalamayo ikuchepa, ndipo pamenepo uyenera kufunafuna malo ena ovomerezeka ndi lamulo amene amapereka zoposa pamenepo. Njira imene ili mʼmanja mwako ndi yakuti 1,000 ija isakhale 1,000 mpaka kalekale, koma uziikweza chaka chilichonse pamene zimene umapeza zikukwera.

Usanatsegule akaunti, ufunse ndalama zimene amadula pamwezi kapena pachaka, ufunsenso ngati pachiwongola dzanja pamachotsedwa msonkho. Zodula zimenezi zimaoneka zazingʼono papepala, koma zikangotsitsa phindu lako kuchoka pa 6 kufika pa 5 peresenti, pakutha pa zaka 20 udzapeza 411,034 mʼmalo mwa 462,041, kusiyana kwa 51,000 chifukwa cha peresenti imodzi yokha. Ufunsenso ngati chiwongola dzanjacho amachiwonjezera mu akaunti momwemo, chifukwa chikamatuluka nʼkumadyedwa ndiye kuti munthu wachiwiri uja sadzafika.

Loweruka likubwerali ubwere ndi kope ndi cholembera. Tidzalemba mizere itatu, wina wa mwezi, wina wa chiwongola dzanja, wina wa zonse pamodzi, ndipo miyezi 12 yoyamba udzawerengetsera wekha mpaka upeze 12,336 ija ndi dzanja lako. Tikadzamaliza tidzagwirizana tsiku la mwezi limene uziika ndalamayo, ndipo ine ndingakonde kuti likhale tsiku lomwelo limene walandira, usanagule kanthu kalikonse.

Ndine bambo ako.