“Inde” ameneyu mukuyankha ndani?

Pa gulu la WhatsApp la banki m'khonde, msungichuma wafunsa m'mawa kuti ndani sanapereke masheya. Kenako pabwera mauthenga ena 80: za maliro, mtengo wa feteleza, vesi ya tsiku. Madzulo wina n'kungolemba kuti “Inde”. Inde wa chiyani abale? Zimenezi zimanditopetsa kwambiri, chifukwa mikangano ya ndalama imayambira pomwepa.

Chonsecho njira yake ndi yachidule. Ikani chala pa uthenga womwe mukuyankhawo n'kuukokera kudzanja lamanja. Uthengawo umabwera m'kabokosi pamwamba pa malo olembera, ndiye lembani yankho lanu pansi pake. Aliyense wodina kabokosiko amafika pa funso lenilenilo osafufuza.

Chinanso ndi kuitana munthu. Ambiri amalemba “Mayi msungichuma, onani” n'kumadandaula kuti sakuyankhidwa. Mayiwo mwina anatseka kulira kwa gululo pa Mute chifukwa cha phokoso, ndiye dzina lolembedwa wamba silingalize foni yawo. Lembani @, mayina a anthu a pagulupo atuluka, dinani lomwe mukufuna. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amalemba @ n'kumaliza dzinalo okha osalisankha pamndandanda. Mukatumiza, yang'anani. Ngati dzinalo silinasinthe mtundu, simunaitane aliyense. Likasintha, foni yawo imawadziwitsa ngakhale gulu lili pa Mute.

Koma chonde, musaitane anthu khumi pa nkhani ya munthu mmodzi. Ndipo mukayankha pa uthenga wa munthu, iye amadziwitsidwa kale, @ sakufunikanso.