Uthenga wothokoza alonda ndi anamwino uzifika Khirisimasi isanakwane

Maganizo anga kwa mabwana a zipatala ndi maofesi muno mu Lilongwe ndi awa: uthenga wothokoza anthu ogwira ntchito pa 25 ndi 26 Disembala komanso pa 1 Januwale uzituluka pofika pa 20 Disembala, limodzi ndi ndandanda wa mashifiti. Ukadikira m'mawa wa Khirisimasi umangokhala moni. Ukafulumira, namwino amadziwa woti amusiyire ana, mlonda amadziwa ngati apite kumudzi kapena ayi.

Vuto loyamba ndi njira. Mabwana ambiri amaponya uthengawo pa gulu la WhatsApp n'kuona ngati atha. Komatu alonda ambiri ali ndi foni zamabatani, ndipo ena ndi a kampani ina yomwe munangochita nayo pangano, choncho pagulupo palibepo. Munthu amene wachezera pageti mvula ikumukwapula ndiye womaliza kumva kuti anathokozedwa. Tumizani uthenga wamba wa pafoni, matani pepala pachipinda cha alonda ndi patebulo la anamwino, ndipo mufike nokha nthawi yosinthana shifiti. Alonda ambiri amasinthana 6 koloko madzulo, ndiye mukafika nthawi imeneyo mumapeza otuluka ndi olowa omwe.

Tiyerekeze chipatala chaching'ono ku Area 25, chokhala ndi anamwino asanu ndi mmodzi ndi alonda anayi. Uthenga wake ungamveke chonchi:

"Abambo ndi amayi, zikomo kwambiri povomera kugwira ntchito masiku a chikondwererowa pamene anzanu ali ndi mabanja awo. Ndandanda uli pakhomo. Amene mwagwira Khirisimasi mupuma pa Chaka Chatsopano. Chakudya cha ausiku chifika 7 koloko, ndipo cha alonda chidzaperekedwa pageti. Galimoto idzanyamula otuluka shifiti ya usiku m'mawa uliwonse. Ndalama ya masiku a tchuthi ilowa limodzi ndi malipiro a Januwale. Wokulandirani akachedwa ndi mphindi 30, imbani kwa ine, foni ikhala yotsegula."

Mawu othokoza ndi chiganizo chimodzi chokha, ndipo n'chokwanira. Zotsalazo ndi zimene zimachititsa kuti chiganizocho chikhulupirike.

Pa ndalama m'pofunika kunena mosabisa. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati ola lililonse logwira pa tchuthi cha boma lilipidwe mosachepera kawiri malipiro a ola wamba. Ngati, mwachitsanzo, ola la mlonda limakwana K700, maola 12 a pa 25 Disembala ndi K16,800, osati K8,400. Amenewa ndi malipiro ake, si mphatso, ndiye musamalembe ngati mwamuchitira chifundo, ndipo shuga ndi mafuta ophikira zisalowe m'malo mwake. Ngati alondawo ndi a kampani ina, funsani kampaniyo ngati ikulipira motero musanalonjeze kalikonse. Kwa anamwino obwera pa lokamu, ganyu wogwira mashifiti apadera, tchulani tsiku lenileni lomwe ndalama idzatuluke. Mawu oti "posachedwapa" ndi amene amapangitsa kuti chaka chamawa aliyense adwale pa 24.

Chiganizo chonena za wokulandira chija ndi chimene ndimachiona chofunika kuposa zonse. Namwino sangasiye wodi popanda womupatsira odwala, ndipo mlonda sangasiye geti. Tsiku la Khirisimasi maminibasi amachepa, akabaza amakweza mtengo, ndipo mvula ikagwa mbandakucha munthu wochokera ku Mtandire kapena ku Chinsapo amafika mochedwa. Maola 12 amasanduka 15, mwina 24. Namwino wotopa chotero ndiye amalakwitsa mlingo wa mankhwala, pamene nyengo imeneyi ana a malungo ndi ovulala pa ngozi zapamsewu amachuluka. Choncho pa shifiti iliyonse lembani dzina la munthu woyembekezera kuitanidwa, ndipo ndalama yake yoyendera ikhale yokonzeka pa Airtel Money kapena Mpamba.

Chakudya nacho chimasokonekera pamalo amodzimodzi. Mpunga ndi nkhuku zimabwera masana, amasana n'kumaliza, ausiku n'kupeza mapoto okha. Werengani mbale malinga ndi ndandanda, mulembe mayina, ndipo za ausiku ziphikidwe padera madzulo. Mowa usalowemo m'mphatso za munthu amene ali pantchito. Kwa mlonda, tochi yoyaka bwino, jekete la mvula ndi tiyi wa m'fulasiki zimamuthandiza kuposa keke.

Pomaliza penipeni, musasaine uthenga wotere kenako n'kuzimitsa foni muli kunyanja ku Salima. Ngati mukuchoka, lembani dzina la amene mwamusiyira mphamvu yovomereza galimoto, mafuta a jenereta ndi kuitana wolowa m'malo.