Maganizo anga pa their, there ndi they're: funsani Chichewa chala chisanakanike batani

Mwezi watha ndinatumizitsa K40,000 kolakwika chifukwa cha mawu amodzi a Chingerezi, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi yakhala ikundivuta mumtima.

Tinali mu gulupu ya WhatsApp ya komiti ya ukwati wa mlongo wanga. M'gulupumo timalemba Chingerezi chifukwa alamu athu ena ndi a ku Joni, Chichewa sachimva. M'mawa tinali titakambirana za amayi ophika, kuti tiwapatse K40,000 yawo yogulira nkhuni ndi mafuta. Masana munthu wina anaika nambala ya eni holo, poti nakonso kunali ngongole yotsala. Ine ndili m'minibasi, dzanja limodzi litagwira chikwama, ndinawalembera asungichuma kuti: "Send there 40,000 today." M'mutu mwanga munali amayi ophika aja, ndipo ndinkafuna kulemba their, kutanthauza ndalama yawo. Asungichuma anawerenga zimene ndinalembadi. Anamva kuti tumizani kumeneko, anayang'ana meseji imene inali pamwamba pa yangayo, anapeza nambala ya holo, n'kutumiza. Sanalakwe iwo. Amayi aja anadikira mpaka mawa lake, ndipo ndalama yotumizira ndi yotapira inadyedwa kawiri.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti kusiyana kwa mawu amenewa ndimakudziwa bwino. Mutandipatsa pepala ndi cholembera sindingalakwe. Ndiye tikamati wosokoneza their ndi there ndi wosaphunzira, tikunama. Eni chinenero ku Mangalande ndi ku America amalakwitsa zomwezi tsiku ndi tsiku. Vuto lili pa liwiro. Ukamalemba mothamanga, umayamba wamva chiganizo m'mutu ngati ukuchilankhula, kenako chala chimatsatira liwulo. Mawu atatuwa m'khutu amamveka chimodzimodzi, choncho chala chimangotola amene chinazolowera kwambiri, ndipo kwa ambiri a ife ndi there.

Kwa ife olankhula Chichewa pali chinanso. Tinakula ndi chinenero chimene umalemba monga momwe ukumvera. Ukamva "nyumba" umalemba nyumba, palibe chilembo chobisala. Ngakhale pamene mawu awiri ali ofanana, monga mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo, kalembedwe n'kamodzi, ndipo chiganizo ndicho chimakuuza kuti tikunena uti. Chingerezi chimachita zosiyana: katchulidwe kamodzi, kalembedwe katatu. Mawuwo anachokera kosiyana n'kudzakumana pakamwa. There ndi wa Chingerezi chakalekale, their anabwera ndi anthu a ku Scandinavia amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England zaka zoposa 1,000 zapitazo, pamene they're ndi mawu awiri ophatikizidwa. Khutu limene linatithandiza pa Chichewa kuyambira Sitandade 1 ndi lomwelo limatisocheretsa pano.

Foni nayo musaidalire. Mukalemba thier, kiyibodi imadziwa kuti mawu otero kulibe, imakukonzerani kapena kukuchenjezani. Koma mukalemba there pamene pamafunika their, mwalemba mawu enieni a m'dikishonale, ndiye nthawi zambiri imangokhala chete. Komanso ambiri a ife tinazimitsa kale zoti foni izitikonzera mawu, chifukwa inkatisinthira Chichewa n'kuika zachilendo. Onjezanipo kuti pa makiyibodi ambiri nkhodolero ili kuseri, mpaka ukanike ?123 kapena ugwire batani kwa kanthawi. Munthu wothamanga safuna ulendo umenewo, n'chifukwa chake they're ndi amene amasowa kwambiri m'macheza athu.

Maganizo anga ndi akuti mankhwala a vutoli tili nawo kale pakamwa. M'Chichewa zinthu zitatuzi sizifanana ngakhale pang'ono. Palibe Mmalawi angasokoneze "yawo" ndi "kumeneko", ngakhale atadzutsidwa pakati pa usiku. Ndiye musanalembe, dzifunseni kuti mukanati mulankhule Chichewa mukanati chiyani.

Ngati mukanati wawo, yawo, chawo, zawo, kwawo, mawu ake ndi their. Ndi mawu a umwini, ndipo sayenda okha: kutsogolo kwake kumabwera chinthu chimene anthuwo ali nacho. Ndalama zawo ndi "their money", galimoto yawo yatsopano ndi "their new car". Chimene chimatisokoneza n'chakuti ife timayamba ndi chinthucho, umwini pambuyo, pamene Chingerezi chimatembenuza. Mukakayika, chotsani mawuwo muikepo our. Meseji yanga ija ikanakhala "Send our 40,000 today", chiganizo chomveka bwino, kusonyeza kuti pamalopo pamafunika mawu a umwini.

Ngati mukanati ali, kapena ndi, kapena mneni woyamba ndi aku-, monga akubwera, akudikira, mawu ake ndi they're. Apa ndimakonda kukumbutsa anthu za m'nyumba ndi m'mudzi. Nkhodolero ya mu m'nyumba imatiuza kuti pagwa chilembo, u wa mu. Ya mu they're ikugwira ntchito yomweyo, pagwa a wa are. Choncho tambasulani mawuwo: ngati they are akukwana pamalopo, lembani they're. "They're waiting at the depot" akutambasuka bwinobwino, akudikira ku depoti. Koma "they are car" n'zosamveka, ndiye pa galimoto yawo they're alibepo malo. Dziwaninso kuti chidulechi sichikhala kumapeto kwa chiganizo. Wina akafunsa ngati alendo ali m'njira, yankho ndi "Yes, they are", lathunthu.

There ndiye amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi ya malo: uko, kumeneko, pamenepo, mmenemo. Iyi siivuta, ndipo aphunzitsi ambiri amatikumbutsa kuti mkati mwa there muli here, onse awiri ndi a malo. Yachiwiri ndi ya kuli, pali, muli, komanso kulibe, palibe, mulibe. Mukafuna kunena kuti kuli anthu ambiri ku holo, mumalemba "There are many people at the hall." Koma taonani m'magulupu athu kuchuluka kwa "They are many people at the hall." Ichi ndi cholakwa chathu chenicheni kuno, choposa chija cha nkhodolero, chifukwa tikamalankhula mofulumira they are ndi there are zimatuluka pafupifupi mofanana. Njira yotambasula ija pano siingakupulumutseni, poti mwalemba kale they are wathunthu ndipo m'khutu akumveka bwino. Chokupulumutsani ndi Chichewa basi. Kodi mukunena kuti "kuli anthu" kapena "iwo ndi anthu"? Ngati ndi kuli, pali kapena muli, lembani there.

Ena amaphunzitsa kuti ukaona dzina la chinthu kutsogolo, ndiye kuti pakufunika their. Lamulo limeneli ndi loperewera. Taonani mafunso awiri awa. "Is there money in the account?" akufunsa ngati mu akaunti muli ndalama. "Is their money in the account?" akufunsa ngati ndalama zawo zili mu akaunti. Onse awiri ndi Chingerezi cholondola, onse ali ndi money kutsogolo, ndipo palibe foni imene ingadziwe limene mukufuna. Msungichuma wa banki m'khonde akhoza kuyankha kuti eya pa loyamba, inu n'kumva ngati wavomera lachiwiri, mpaka tsiku logawana n'kudzapezeka kuti anthu aja sanaponye n'komwe. Chimodzimodzi "They're teachers", amene akutanthauza kuti iwo ndi aphunzitsi, ndi "their teachers", aphunzitsi awo. Dzina lili kutsogolo konsekonse. Chosiyanitsa ndi tanthauzo limene lili m'mutu mwanu.

Ndikudziwa ena anena kuti pa macheza bola kumvana. Mbali ina ndikugwirizana nawo. Mnzako akakulembera "there coming", wamva kuti akubwera, ndipo kumudzudzula pagulu ndi kanyenyezi n'kungomuchititsa manyazi. Khalidwe loseka Chingerezi cha anzathu limandinyansa. Ndaona anthu akuluakulu, anzeru zawo, akusiya kulankhula m'gulupu chifukwa mwana wina anawaseka pa chilembo chimodzi. Ngati mukufunadi kuthandiza munthu, mulembereni kumbali, mwaulemu. Koma kumvana kumene tikunenaku kumadalira woŵerenga kuti aganizire zimene mumafuna kunena, ndipo amatha kutero pokhapokha tanthauzo lotheka likakhala limodzi. Pa meseji yanga ija matanthauzo anali awiri, ndipo lachiwirilo linali ndi nambala ya foni pamwamba pake. Komanso kuno timanenadi "put there" ndi "send there" tikamalankhula, motero asungichuma analibe chifukwa choganizira kuti ndalakwitsa.

Chizolowezichi sichithera pa macheza. Chala chimene chimalemba there paliponse usiku ndi chomwecho chimalembera abwana m'mawa, kapena kasitomala amene sanakuonenipo nkhope. Iye alibe china chokuyezerani kupatula mizere iwiri imene ili pa foni yake.

Panopa ndimachita zinthu zochepa. Meseji ikakhala ya ndalama, ya malo okumanirana kapena ya kuntchito, ndimaiwerenga kamodzi ndisanatumize, ndipo diso ndimaliika pa mawu oyamba ndi the- okha. Sizitenga masekondi asanu. Ndikaona cholakwa nditatumiza kale, ndimakonza meseji yomweyo: kuyambira mu 2023 WhatsApp imalola kusintha meseji pasanathe mphindi 15, umangoikanikiza kwa kanthawi n'kusankha Edit. Chenjezo lake n'lakuti amene anawerenga kale salandira uthenga womudziwitsa kuti mwasintha, pamangooneka kamawu koti Edited pambali. Choncho ngati nkhaniyo ndi ya ndalama, ndimatumizanso meseji ina yonena poyera kuti ndinalakwitsa.

Ndipo pamene pali anthu kapena malo angapo amene atchulidwa m'gulupu, ndinasiyiratu kudalira their ndi there. Ngakhale ndikanalemba their molondola tsiku lija, asungichuma akanatha kufunsabe kuti yawo ya ndani, ya ophika kapena ya eni holo. Sabata yatha, potumiza ndalama ya okongoletsa, ndinalemba dzina la gululo, nambala yawo ndi kuchuluka kwa ndalama mu meseji imodzi, kenako pansi pake ndinabwereza zomwezo m'Chichewa. Alamu a ku Joni anawerenga mzere wapamwamba, asungichuma wapansi, ndipo ndalama inafika pasanathe mphindi khumi.