Mlembi, mneni amene mwasankha ndi amene amatulutsa ndalama m'thumba

Ndakhala ndikulemba maminitsi a makomiti osiyanasiyana kwa zaka zingapo, ndipo pali nkhani imodzi imene imandipweteka mtima ndikamawerenga mabuku a alembi anzanga. Ambiri timasamala za mayina a anthu amene anabwera, pemphero lotsegulira ndi nthawi yotsekera, koma aneni timangowatola mmene abwerera m'mutu. Mzere uno "tagwirizana", wotsatira "akuti", wina "tinaona kuti", wina "zidzachitika". Ine maganizo anga ndi akuti mlembi azikhala ndi aneni ochepa odziwika, aliyense ndi kulemera kwake, onse m'nthawi yakale, ndipo asawasinthesinthe pofuna kukometsa chilembo.

Ndikuuzeni zimene zinatichitikira ku komiti ya chitukuko ya mpingo wathu kuno ku Ndirande. Unali mwezi wa Okotobala, kutentha kuli pachimake, aliyense akudziwa kuti mvula ili pafupi pomwe denga la holo likudontha. Mmisiri wina anabweretsa mtengo wake wa K1,800,000, malata, misomali ndi ntchito zonse pamodzi. Tinakambirana kwa nthawi ndithu. Tonse tinavomereza kuti denga likonzedwe mvula isanagwe, koma pa mtengowo anthu anati tifunse kaye amisiri ena awiri. Tsiku limenelo ine ndinakhala pa mpando chifukwa a wapampando anali kuchipatala, ndiye cholembera chinali ndi chemwali wina wachinyamata, wakhama kwambiri. Iye analemba motere: "Tamva za denga. Mmisiri akufuna K1,800,000. Tagwirizana ntchito iyambe sabata yamawa."

A msungichuma anali ku maliro ku Thyolo. Atabwerako anawerenga bukulo, anaona mawu oti "tagwirizana" ali pafupi ndi mtengo, ndipo anapereka K900,000 kwa mmisiri uja kuti akagule malata ku Limbe. Sanabe, sananame, anachita zimene pepala linawauza. Pa msonkhano wotsatira kunali phokoso. Ena ankati a msungichuma adya nawo, ena ankati ife amene tinalipo tikukana mawu athu. Bambo wachikulire amene wasunga ndalama za mpingo mokhulupirika kwa zaka zambiri anatuluka misozi ili m'maso, ndipo ine ndinali ndi gawo langa pa cholakwacho chifukwa sindinawerenge zimene zinalembedwa tisanabalalike.

Taonani bwino mizere itatu ija. Palibe bodza lenileni mmenemo. Vuto ndi lakuti zinthu zitatu zolemera mosiyana zinalembedwa ngati chinthu chimodzi. Mtengo tinangouzidwa. Zokonza denga tinagwirizanadi. Zotulutsa ndalama sitinamange mfundo ayi. Chikanalembedwa bwino chikanaoneka chonchi: "Komiti idadziwitsidwa kuti mmisiri woyamba adapereka mtengo wa K1,800,000. Komiti idagwirizana kuti denga la holo likonzedwe mvula isanayambe. Komiti idapempha mlembi kuti apeze mitengo ya amisiri ena awiri pofika pa 28 Okotobala." Munthu amene sanalipo akawerenga zimenezi sangatsegule thumba, chifukwa palibe mzere umene ukumulamula kutero.

Aneni anga ine ndi atatu, ndipo amene amalemba m'Chingerezi alinso ndi atatu ofanana nawo. Woyamba ndi "idadziwitsidwa". Uyu ndi wa nkhani imene yangofika m'makutu a komiti: lipoti la ndalama, kalata yochokera kwina, mtengo wa katundu. Palibe chimene wina achite chifukwa cha mzere umenewu. Poyamba ndinkalemba "idamva", koma ndinasiya, pakuti kwathu kuno mkulu akati "tamva" nthawi zambiri amatanthauza kuti walola. "Idalandira lipoti" nayenso ali ndi msampha womwewo, wina amamva ngati lipotilo lavomerezedwa. Ngati komiti yavomerezadi lipoti la msungichuma, ndimalemba mzere wake pawokha kuti idavomereza.

Wachiwiri ndi "idagwirizana". Apa anthu amvana, palibe wotsutsa, koma nkhani yake ndi ya kayendetsedwe ka zinthu: tsiku la msonkhano wotsatira, amene akaone odwala, maganizo oti denga likufunika kukonzedwa. Wachitatu ndi wolemera kuposa onse, "idamanga mfundo yakuti". Ena amalemba "idagamula", ndipo sindikuwatsutsa bola asasakanize awiriwa m'buku limodzi. Uyu ndimamusungira zinthu zimene zimamanga gulu: kutulutsa ndalama, kusintha osayinira kubanki, kusankha kapena kuchotsa munthu pa udindo, kusintha malamulo a gulu. Mfundo yomangidwa imakhala ndi amene anapereka ganizo, amene anasekonda, ndipo ngati panali kuvota, chiwerengero cha mavoti chimalembedwa. Mwachitsanzo: "Komiti idamanga mfundo yakuti msungichuma apereke K900,000 kwa mmisiri wachiwiri ngati gawo loyamba la malipiro pofika pa 4 Novembala. Ovomereza adali 7, okana 2." Mzere wotere umayankha wokha kuti ndani, zingati, kwa yani, liti.

Amene munapitako kubanki kukatsegula akaunti ya gulu kapena kukasintha osayinira mukudziwa kuti amafuna maminitsi. Wogwira ntchito pa kauntala sawerenga mkangano wanu wonse, amafufuza mzere umodzi woonetsa kuti gulu linamanga mfundo, ndi mayina a osayinirawo. Mukamupatsa pepala lakuti "anthu anaona kuti ndi bwino mayi wakuti alowe m'malo", musadabwe akakubwezani kuti mukalembenso.

Tsopano za nthawi yakale, chifukwa apa ndi pamene Chichewa chathu chili ndi zake. "Tagwirizana" kapena "agwirizana" ndi mawu a nkhani yotentha, imene yangochitika kumene, oyenera uthenga wa pa WhatsApp potuluka mu holo. Koma maminitsi amawerengedwa patapita mwezi, nthawi zina patapita zaka, ndi anthu amene sanalipo. Komanso "ta-" ameneyo ndi ndani? Komiti ikasintha, "ife" wa m'bukumo sadziwikanso. Ndiye mwini mneni akhale komiti, msonkhano kapena udindo wa munthu, ndipo mneniyo akhale wakale.

Kuno ku Blantyre ambiri timayankhula "anagwirizana", pomwe anzathu ambiri a chigawo chapakati amati "adagwirizana". Zonse ndi Chichewa chabwino. Ine m'maminitsi ndinasankha "-da-" pa chifukwa chimodzi: "anapita" tikamayankhula timamukweza kapena kumutsitsa mawu, ndipo khutu limasiyanitsa za lero lomwe ndi za kalekale, koma pepala silionetsa kukwera kwa mawuko. "Adapita" sasiya chikayiko. Ngati inu mumakonda "-na-", lembani "-na-" kuyambira pa mutu mpaka pa siginecha. Chimene chimachotsa ulemu wa chikalata ndi kuona "idagwirizana" pa mfundo yachitatu, "inagwirizana" pa yachinayi, "yagwirizana" pa yachisanu. Wowerenga amayamba kudzifunsa ngati zinalembedwa tsiku limodzi ndi munthu mmodzi, ndipo pa nkhani ya ndalama funso limenelo ndi loopsa.

Pali malo amene nthawi ino imazembera mwakachetechete ngakhale kwa mlembi wosamala. Timalemba kuti "Msungichuma adanena kuti m'thumba muli K2,300,000." Poyankhula palibe cholakwika, ndi mmene timafotokozera mawu a munthu. Koma m'buku "muli" ameneyo amakhalabe "muli" mpaka chaka chamawa, ndalamazo zitatha kalekale. Ndimalemba kuti "mudali K2,300,000 pofika pa 30 Sepitembala". Chimodzimodzi mawu ngati mawa, dzulo, sabata yamawa ndi mwezi uno. "Sabata yamawa" wa chemwali uja anathandizira kufulumizitsa a msungichuma, chifukwa atawerenga anaona ngati achedwa kale. Mawu oterewa alowedwe m'malo ndi deti. Zimene zichitike m'tsogolo zimalowa pambuyo pa "kuti", monga "idagwirizana kuti mlembi alembe kalata", ndipo mneni wamkulu amakhalabe wakale.

China chimene sindimachikonda ndi "zinagwirizanidwa kuti", chimene tinangochikoka ku kalembedwe ka Chingerezi. Pakamwa sichikhala bwino, ndipo chimabisa amene anagwirizana. Kodi ndi komiti yaikulu, komiti ya zomangamanga, kapena msonkhano wa mpingo wonse? Kwa ife kusiyana kumeneku ndi kwenikweni, chifukwa komiti ya zomangamanga ilibe mphamvu yotulutsa ndalama payokha.

Mnzanga wina, mphunzitsi, anandiuza kuti kalembedwe kotere n'kouma, kuti kusukulu timaphunzitsa ana kusabwereza mawu amodzimodzi pa chimangirizo. Ndikumumvetsa, ndipo pa chimangirizo akunena zoona. Koma m'maminitsi ukasintha mneni, wowerenga amaganiza kuti wasintha tanthauzo. Ukalemba "idagwirizana" apa, "idamvana" apo, "idalola" pena, munthu wofuna kuzemba mfundo adzati kulola si kugwirizana, ndipo mudzataya ola lathunthu pa mkangano umene mlembi anaubala yekha. Kubwerezako ndi kumene kumapatsa chikalata mawu aulemu, osatenga mbali. N'chifukwa chakenso sindilemba kuti wakuti adakalipa, adadandaula kapena adaumirira. Ndimalemba kuti adanena, adafunsa kapena adapereka ganizo, ngakhale munthuyo atamenya tebulo.

Ndivomereze kuti mbali inayo nayonso ili ndi ngozi. Ndinaonapo buku limene chilichonse chinali "idamanga mfundo", ngakhale zogula tiyi ndi mabanzi. Zikatero mfundo yeniyeni ya ndalama imamira pakati pa zing'onozing'ono. Pa msonkhano wamba wa maola awiri, mfundo zomangidwa zimakhala ziwiri kapena zitatu, mwina osakhalapo n'komwe. Ndipo mlembi sangasankhe mneni woyenera ngati wapampando sanatseke nkhani momveka. Masiku ano nkhani ikamatha ndimaimika dzanja n'kufunsa kuti, "A wapampando, pamenepa tangodziwitsidwa, tagwirizana, kapena tikumanga mfundo?" Nthawi zambiri pamakhala kachetechete pang'ono, kenaka zimadziwika kuti anthu anamva zosiyana, ndipo zimakonzedwa pomwepo tonse tili m'chipinda.

Ndikamaliza kulemba ndimatenga pensulo n'kudutsa m'chikalata chonse ndikuwerenga aneni okha, kusiya mawu ena onse. Ndikapeza "ta-", "aku-" kapena "ya-" kunja kwa mawu otsatira "kuti", ndimakonza. Ndikapeza "idamanga mfundo" popanda dzina la udindo, ndalama ndi deti, ndimaimbira a wapampando ndisanatumize kwa anthu.

Za denga zija, tsamba lolakwikalo sitinaling'ambe kapena kulifuta. Maminitsi asanavomerezedwe pa msonkhano wotsatira, tinalemba kukonzako m'maminitsi atsopano: kuti komiti idakonza mfundo yachinayi ya msonkhano wapitawo kuti iwerengeke kuti idadziwitsidwa za mtengo, osati idagwirizana nawo. Popeza malata anali atagulidwa kale, komiti idamanga mfundo ina yovomereza K900,000 ija ndi kupitiriza ndi mmisiri yemweyo, mavoti n'kulembedwa, a wapampando n'kusayinira. A msungichuma anabwerera pa udindo wawo patapita miyezi iwiri, titapita kunyumba kwawo anthu atatu kukapepesa.