Mnzanu akunjenjemera m'mawa inu nkumamujambula, mukuyesa ndi sewero?

Ana inu, lero ndiyankhula ndipo amene akwiye akwiye. Loweruka lapitali ndimadikira minibasi pa Chitakale cha m'ma 6 koloko m'mawa, ndinaona anyamata a kabaza atazungulira mnzawo, iye manja akunjenjemera kulephera ngakhale kulowetsa kiyi pa njinga, anzakewo kuseka mpaka kugwira m'mimba wina foni m'mwamba akujambula. Kenaka mmodzi anathamanga kukamugulira kambotolo ati achotse matsire injini ilire. Anamwa, patapita mphindi zochepa manja aja anakhazikika, onse nkuwomba m'manja. Ine mtima unandipweteka chifukwa zimenezi ndinaziona kale pa mlamu wanga, ndipo tinatsala pang'ono kumukwirira.

Tamverani. Matsire wamba munthu amadzuka mutu ukuwawa, mowa safuna nkuwuona komwe, amamwa madzi nkugona. Koma amene akudzuka akunjenjemera, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira ngati m'mwezi wa Juni kuno ku Mulanje, akuchita nseru, mtima ukuthamanga, ndiye zonsezo nkutha akangomwa tot imodzi, ameneyo si matsire ayi. Thupi lake lazolowera moti mowa ukachepa m'magazi limayamba kuvuta, kawirikawiri pakangopita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza. Nchifukwa chake zimaoneka m'mawa. Inu mukamugulira kambotolo kaja mukuganiza kuti mwamuchiza, pomwe mwangomusunthira vutolo mpaka masana, nkumulola anyamule mayi ndi mwana kumbuyo kwa njinga.

Mlamu wangayo ankathyola tiyi pa esiteti ina, munthu wa mphamvu, nyengo ya dzinja masamba akachuluka anzake ankamusirira makilo ake. Poyamba ankamwa tsiku la malipiro basi ngati wina aliyense. Ife sitinazindikire kuti zinthu zasintha chifukwa timayang'ana zolakwika, timadikira kumuona akudzandira mumsewu, pomwe iye anali atasiya kudzandira. Kachasu amene kale ankamugwetsa tsopano ankangomwa ngati thobwa, anzake nkumamutama kuti ndi dolo. Kumeneko sikulimba, ndi thupi kufuna wambiri kuti limve zomwe linkamva ndi wochepa. Kenaka ndalama ya fotinaiti inayamba kutha tsiku lachiwiri, Lolemba lililonse kujomba, nsima kumangoitola pang'ono nkusamba m'manja. Ukamukumbutsa zomwe ananena dzulo amakana mpaka kulumbira, ife nkumati ndi wabodza, koma anali asakukumbukiradi. Chimene chinanditsegula maso ndi mlongo wanga atapeza timabotolo m'thumba la chimanga ndi ena kudenga la bafa. Munthu womwa mosangalala sabisa mowa, amene wayamba kubisa ndiye kuti iye mwini akudziwa kale kuti pali vuto ndipo akuchita manyazi.

Apa ndi pomwe tinalakwa, ndipo ndikunena poyera kuti ena musabwereze. Tinaitana ankhoswe, akulu a mpingo, abale onse, kumukhazika pakati pa bwalo ali chiledzerere aliyense nkumuponyera mawu, chidakwa iwe, watichititsa manyazi. Mawa lake sanakumbukire ngakhale theka, chomwe anakumbukira nchakuti tinamuyalutsa pamaso pa ana ake. Ndiye tinati basi timutsekere m'nyumba asamwe ngakhale dontho. Tsiku loyamba kunjenjemera, lachiwiri anagwa nkuyamba kuphupha ngati wa khunyu, usiku wachitatu anayamba kukuwa kuti pakhoma pali njoka ndi tizilombo tikumukwera, osazindikira ngakhale mkazi wake. Azakhali ena anati amulodza tipite naye kwa sing'anga ku Mozambiki, mwamwayi mnyamata wina wa pafupi amene amagwira ntchito ya zaumoyo anatikalipira kuti thamangani naye kuchipatala pompano. Kumeneko anatiuza mosabisa kuti munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi akhoza kukomoka, kusokonezeka mutu pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ngakhale kufa kumene. Anamugoneka, kumupatsa mankhwala okhazika thupi pansi ndi mavitamini. Choncho amene akunjenjemera m'mawa musamutsekere, kusiya kwake kuyambire kuchipatala, kaya pa boma ku Mulanje kaya ku Thyolo, kaya ku Mishoni kapena ku Malamulo, akakamuona iwo adziwa ngati nkofunika kumutumiza ku Zomba Mental. Ndipo dzina la Zomba lisakuopseni, kumeneko ndi chipatala ngati china chilichonse.

Atatuluka ndinaphunzira kuyankhula naye mwanjira ina. Ndinasankha Lamulungu masana ali bwinobwino atadya, ndinamupempha andiperekeze kumunda wa chinangwa, awiriwiri, poti poyenda simuyang'anana m'maso ndiye mawu amatuluka mosavuta. Mawu oti chidakwa sindinawatchule. Ndinangoti alamu, ine ndakhala ndikuona manja anu m'mawa, ndipo tsiku lija munagwa lija ndinachita mantha kuti tikutayani, kodi inuyo mukuziona bwanji? Kenaka ndinatseka pakamwa, chinthu chovuta kwa ife akuluakulu amene tinazolowera kulangiza. Anakwiya, anati aliyense amamwa bwanji mukulondalonda ine. Sindinatsutse, ndinangoti mwina ndikulakwa, koma ndikanakhala chete ndikanakhala mlamu wachabe, tsiku lomwe mudzafune kuti tibwerere kuchipatala thiransipoti ndi yanga ndipo tidzapitira limodzi. Tinabwerera kunyumba osayankhulana.

Panapita masabata atatu. Anabwera yekha madzulo ena nkundiuza zomwe palibe anazidziwa, kuti chimwalirire mwana wawo wachisamba iye tulo sapeza pokhapokha atamwa. Zaka zonsezo ife timalimbana ndi botolo, osafunsa chomwe chimamutumiza kubotoloko. Pa bwalo paja sakanazinena zimenezi ngakhale mutamumenya.

Kukoma mtima kwake sikuti muzimupatsa chilichonse. Ine ndinamuuza kuti ndalama m'manja sindikupatsaninso, ufa ukatha ndigula ufa, fizi ya mwana ndikalipira ndekha kusukulu, ndipo kwa kapitawo sindikakunamiraninso kuti mwadwala malungo. Inunso a kabaza, mnzanuyo akamwa mulandeni kiyi, akwiye lero. Akaledzera mpaka osadzuka musamusiye chagada kuseri kwa shabini ati agone zimuthera, mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, wina akhale naye, ndipo ngati sakuyankha mukamugwedeza kapena akupuma mwapatalipatali ameneyo ndi wa kuchipatala. Maso akayamba chikasu, mimba kapena miyendo kutupa, kusanza magazi, pamenepo musadikirenso Lamulungu labwino loti mucheze.

Za chamba nazonso, poti ena mwa inu mumasakaniza, mnzanu akayamba kusagona, kuyankhula yekha, kumakayikira aliyense kuti akumunena kapena akufuna kumuthira mankhwala m'chakudya, musamutsutse kapena kumuseka kuti yamukwera, muuzeni mbale wake wamkulu tsiku lomwelo apite naye akamuone.

Mlamu wanga anabwererako kumowa kawiri, kachiwiriko pa maliro a mnzake ku Luchenza, ndipo ulendo uliwonse timayambiranso kuchipatala komwe kuja. Pano chaka chikukwana asanamwe, tsiku la malipiro mlongo wanga amakamuchingamira pa geti nkudzera limodzi kumsika. Mnyamata wa pa Chitakale uja sindikumudziwa dzina, koma inu amene munamujambula mukumudziwa ndi kwawo komwe. Fufutani kavidiyo kaja, ndipo mmodzi wa inu, osati gulu, akamupeze kunyumba sabata ino asanamwe.