Wa pasikirini ndi wina, womulankhulira ndi wina

Mu 2020 kampani ya Naughty Dog inatulutsa gemu yotchedwa The Last of Us Part II, ndipo mu gemuyi muli mtsikana dzina lake Abby, yemwe amapha munthu amene osewera ambiri ankamukonda kuchokera mu gemu yoyamba. Mkwiyo wa anthu ena unakagwera Laura Bailey, mayi yemwe analankhula mawu a Abby, mpaka ena anamulembera mauthenga omuopseza kuti amupha. Komatu Laura Bailey sanasankhe kuti Abby aphe munthu. Nkhaniyo analemba ndi Neil Druckmann ndi Halley Gross, nkhope ya Abby anatengera kwa mayi wina, ndipo thupi lake lamphamvu lija anatengeranso kwa wina. Omwe ankaopsezawo anachita ngati munthu amene wakumana pamsika ndi wochita sewero la pawailesi n'kuyamba kumukalipira chifukwa cha nkhanza zimene anachita m'seweromo.

Ine ndimaona kuti funso lothandiza pa nkhani zoterezi ndi lakuti: amene wasankha mawu omwe tikumvawa ndani? Mu gemu, mawu amalembedwa kale, amajambulidwa mu situdiyo miyezi kapena zaka gemuyo isanatuluke, ndipo pamene iwe ukusewera, wolankhulayo ali kwawo ndipo mwina akugwira ntchito ina. Ukabwereza gawo lomwelo umamva mawu omwewo, osasintha ngakhale pang'ono. Choncho zochita za Abby ndi za m'nkhani, ndipo woweruza Laura Bailey ayenera kuweruza luso lake lokha.

Nkhani ya anthu otchedwa VTuber, yomwe inatchuka kuchokera ku Japan, ndi yosiyana, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Anthuwa akamaulutsa mavidiyo pa intaneti, pasikirini umaona katuni, koma kuseri kuli munthu amene wakhala kutsogolo kwa kamera nthawi yomweyo. Pulogalamu ngati VTube Studio imatsata nkhope yake, moti akaphethira katuniyo imaphethira, ndipo akapendeketsa mutu nayo imapendeketsa. Dzina, zaka zobadwa ndi mbiri ya katuniyo ndi zopeka. Koma akawerenga ndemanga imene walemba posachedwapa n'kuyankha, akatsokomola, akaseka mpaka kulephera kulankhula, kapena mawu ake akasasa patatha maola angapo, ameneyo ndi munthu weniweni. Mu Ogasiti 2022 khoti la ku Osaka linagamula mlandu wa VTuber wina yemwe ananyozedwa pa intaneti, ndipo linaona kuti mwanowo unalunjika kwa munthuyo ngakhale unalembedwa pa dzina la katuni, chifukwa katuniyo anaivala ngati chovala basi. Chigamulochi ndimagwirizana nacho kwathunthu, ndipo wonena kuti "ndimangotukwana katuni" akudzinamiza.

Pali chinthu china chomwe chimavutirapo, chomwe ndi umwini. VTuber wotchedwa Kizuna AI anayamba kuonekera pa YouTube mu 2016 pansi pa kampani ya Activ8, ndipo ndi iye amene anatchukitsa ntchito imeneyi. Mu 2019 kampaniyo inawonjezera anthu ena oti azilankhula pogwiritsa ntchito nkhope yomweyo. Maonekedwe sanasinthe, koma omutsatira anadziwa kuti mawu ndi kalankhulidwe si zakale zija, ndipo ambiri anakwiya. Mu 2020 zinalengezedwa kuti mwini wa mawu oyambirira aja ndi Nozomi Kasuga. Zimenezi zinaonetsa kuti kampani ikhoza kukhala mwini wa nkhope ndi dzina, koma chimene anthu anakonda ndi nthabwala ndi kasekedwe ka munthu mmodzi. N'chifukwa chake VTuber akasiya ntchito pakampani nthawi zambiri amasiya nkhope ndi dzina komweko, ndipo akayambiranso ndi katuni yatsopano, omutsatira amamuzindikira ndi mawu.

Apa mpofunika kusamala, chifukwa kuzindikira kuti kuseri kuli munthu sikutanthauza kuti tili ndi ufulu womusaka. Ambiri mwa anthuwa anasankha katuni kuti dzina lawo, nkhope yawo ndi komwe amakhala zisadziwike, ndipo ofufuza zimenezi n'kuzifalitsa amaika moyo wa munthuyo pachiswe. Dzina la Laura Bailey limalembedwa poyera kumapeto kwa gemu, ndipo la Nozomi Kasuga linatchulidwa ndi kampani yomwe ankagwira nayo ntchito, choncho kuwatchula si cholakwa. Koma VTuber amene sanaulule yekha kuti ndi ndani tiyenera kumutchula ndi dzina la katuni lomwe anatipatsa, ngakhale titaganiza kuti mawuwo tinawamvapo kwina.